Mwendo ukakokana pakati pa usiku: yankho kwa mayi a ku Bangwe

"Ndili ndi zaka 54, ndimagulitsa tomato mumsika wa Limbe. Kwa miyezi iwiri tsopano katumba wa mwendo amandikokana usiku mpaka kukuwa, nthawi zina katatu pa sabata. Mu Ogasiti anandipatsa mankhwala a BP ndipo ndinachepetsa mchere. Anzanga akuti thupi lasowa mchere, ndizinyambita pang'ono pogona, ena akuti ndimwe kwinini. Ndichite chiti?"

Mayi, pepani ndi ululuwo. Pa ziwirizo musachite chilichonse, ndipo mankhwala a BP musasiye panokha. M'kalata yanu mawu amene andigwira ndi akuti Ogasiti, chifukwa vutoli layamba patangopita masabata ochepa chiyambireni mankhwalawo.

Tengani kabuku kanu ka kuchipatala muone dzina limene analemba. M'zipatala zathu munthu wa BP kawirikawiri amayambira pa kapiritsi kakang'ono kotchedwa haidirokolorothayazaidi, kamene amangokalemba kuti HCTZ, nthawi zambiri mamiligalamu 25 kamodzi pa tsiku. Kapiritsika kamatsitsa BP pochititsa impso kutaya mchere ndi madzi kudzera mumkodzo. Vuto n'lakuti sikasankha mchere wapandiwo wokha, umene madokotala amati sodiyamu. Pamodzi nawo mumatuluka potaziyamu ndi maginiziyamu, michere imene imathandiza kuti mitsempha yolamula minofu ikhale bata. Michereyi ikachepa, mtsempha umachita phuma, umatumiza uthenga wakuti "kokana" mobwerezabwereza popanda inu kufuna, ndiye katumba amauma gwa ngati mwala. Furosemaidi, amene ambiri amamudziwa kuti Lasikisi, amakodzetsa kwambiri kuposa pamenepa. Ena amene amadziwika kuti amayambitsa kukokana kwa minofu ndi salubutamo wa anthu a mphumu, ndi mankhwala otsitsa mafuta m'magazi monga simvasitatini.

Apa ndiye pamene malangizo a anzanu akuphonya. Mukanyambita mchere mukubwezera sodiyamu, pomwe chimene chingakhale chitachepa ndi potaziyamu. Choipa china n'chakuti mchere ukachuluka m'zakudya, munthu amene akumwa HCTZ amataya potaziyamu wambiri kuposa kale, BP nayo n'kukweranso. Mwachita bwino kuchepetsa mchere, pitirizani.

Koma ndisakunamizeni kuti nkhani yonse ndi ya michere. Anthu ambiri okokana miyendo usiku akawayeza magazi zonse zimapezeka zili bwino. Ntchito yanu payokha ndi yokwanira kuyambitsa zimenezi. Taganizani tsiku lanu: mwalawirira kukapikula, mwasenza dengu, mwaima pa simenti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mwina mwavala patapata, kenaka mwatsika minibasi n'kukwera chitunda cha ku Bangwe wapansi. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala mukukudziwa, ndipo ndikudziwa kuti amayi ambiri amumsika amapewa kumwa madzi poopa kusiya benchi kupita kuchimbudzi cholipira. Mnofu wotopa chonchi mitsempha yake sichedwa kudzidzimuka. Mukagona phazi limagwera kutsogolo, makamaka ngati mwagona chafufumimba kapena bulangete mwalipanikiza kumapazi, ndipo katumba amakhala atafupika. Mnofu wofupika kale ndiwo sukhalira kukokana. N'chifukwa chake zimakupezani pakati pa tulo, osati masana muli pa ntchito.

Ndiye kwa inu ndikuona ngati zinthu ziwiri zakumana. Miyendo yakhala ikutopa zaka zonsezi koma imapirira, kenaka kwabwera kapiritsi kokodzetsa m'nyengo ya thukuta.

Pitani ku kiliniki yanu ya BP osadikira tsiku limene anakulemberani. Mukawauze mmene mwandiuzira ine: mwezi umene munayamba mankhwala, umene kukokana kunayamba, ndi kangati pa sabata. Mukapemphe kuyezedwa michere ya m'magazi ndi kagwiridwe ntchito ka impso. Ngati pachipatala chaching'ono palibe zoyezera, akhoza kukutumizani ku Gulupu. Potaziyamu wa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0. Akapezeka, tinene, pa 3.1, a dokotala ali ndi njira zingapo: kuchepetsa HCTZ kufika pa mamiligalamu 12.5, kukusinthirani mankhwala ena monga amulodipini, kapena kukupatsani potaziyamu woyeza bwino. Akapezeka pa 4.2 ndiye kuti tiyang'ane kwambiri kutopa kwa mnofu, ngakhale a dokotala angayesebe kusintha mankhwala kuti aone ngati zisiya.

Podikira zimenezo, mbale yanu ingakuthandizeni. Nthochi, mbatata, nyemba, mapeyala, bonongwe, nkhwani, ndi tomato yemwe mumagulitsayo zili ndi potaziyamu wambiri. Okhawo odwala impso, kapena amene akumwa enalapulilu kapena sipironolakitoni, ayambe afunsa, chifukwa kwa iwo potaziyamu amatha kukwera mopyola muyeso n'kusokoneza kugunda kwa mtima. Madzi muzimwa pang'onopang'ono tsiku lonse mpaka mkodzo uzioneka woyererako, osati kugugudiza jagi yonse pogona. Thanzi ORS ndi wa tsiku limene mwatsegula m'mimba kapena kusanza, osati chakumwa cha usiku uliwonse, pakuti nayenso ali ndi mchere.

Chimene ndikufuna muyambe lero lomwe ndi kuongola mnofu musanagone. Imani moyang'ana khoma, manja pakhomapo. Mwendo wovutawo uponyeni kumbuyo, bondo lake likhale loongoka, chidendene chisachoke pansi. Weramirani kukhomako mpaka mumve katumba akukokeka, koma osati kupweteka. Khalani choncho masekondi 20 kapena 30, katatu mwendo uliwonse. Musagwe ulesi usiku wachitatu, zimatenga masabata angapo kuti muone kusintha. Bulangete lizikhala lomasuka kumapazi.

Zikakugwirani usiku, thupi limafuna kupinda mwendo, koma chitani zosiyana. Ongolani bondo, kokerani zala zakumapazi kumene kuli nkhope yanu. Ngati dzanja silikufika, kolekani chitenje kuphazi muzikoka. Mukatha kudzuka, pondani pansi ndi chidendene muyende pang'ono, kenaka thowani ndi nsalu yofunda. Kumva kuwawa pamalopo m'mawa mwake si zachilendo.

Za kwinini ndilankhule mosapsatira. N'zoona kuti kale ankaperekedwa pa vutoli, ndipo amachepetsako pang'ono. Koma amatha kugwetsa tizigawo ta magazi tothandiza kuti magazi aziundana, munthu n'kumatuluka magazi m'nkhama ndi m'mphuno. Amasokonezanso kugunda kwa mtima, makamaka mwa munthu amene potaziyamu wake watsika kale, monga mmene zingakhalire kwa inu. Ku Amerika bungwe loona za mankhwala linachenjeza mu 2006, n'kubwerezanso mu 2010, kuti asamagwiritsidwe ntchito pa kukokana kwa miyendo. Chonde musakagule.

Kukokana kwenikweni kumabwera mwadzidzidzi, mnofu umauma moti mukhoza kuugwira, ndipo kumatha pakapita masekondi kapena mphindi zochepa. Mapazi akamayaka moto kapena kuchita dzanzi usiku wonse, imeneyo ndi nkhani ina, mukayezetse shuga. Katumba akamapweteka mukukwera chitunda n'kuleka mukaima, akakuoneni kayendedwe ka magazi m'miyendo. Koma mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka osaleka, musauthowe kapena kuusisita, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa magazi angakhale ataundana mkati. Chimodzimodzi mukamva mtima ukuthamanga mosalongosoka, kapena miyendo italefuka moti mukukanika kudzuka pampando.

Mukakayezetsa mundilembere nambala imene apeza pa potaziyamu, ndi dzina la mankhwala limene lili m'kabukumo.