Ndinagulitsa masheya, kwacha n'kugwa

"Abale, ndinapangana ndekha kuti chuma changa chikhale 60 peresenti masheya, 30 mabilu a boma, 10 ku akaunti. Chaka chatha, masheya akwera kwambiri. Ndigulitse, kapena ndingosiya?"

Achimwene, mwandigunda pachilonda. Ine mu Okutobala 2023 zonse pamodzi zinakwana K10 miliyoni: masheya K7.5 miliyoni, mabilu, zomwe ndi ndalama zobwereketsa boma, K2 miliyoni, ku akaunti K500,000. Magawo omwe ndinkafuna anali ngati anuwo. Masamu ake savuta, mumatenga zonse pamodzi n'kugawanso mwatsopano. 60 peresenti ya K10 miliyoni ndi K6 miliyoni, ndiye kuti masheya anali atapyola ndi K1.5 miliyoni. Mabilu ankaperewera K1 miliyoni, akaunti K500,000. Papepala zinatheka m'mphindi zisanu.

Ndinamuimbira buloka wanga kuti agulitse masheya a banki ina omwe anakwera kuposa onse. Anangoti "musadandaule bwana." Sabata yoyamba zii. Yachiwiri ndikuimba, sakuyankha, mtsikana wa pa ofesi akungoti ali kumsonkhano. Ndinachita kukwera basi kupita ku Blantyre, ndipomwe anandiuza kuti ogula pa mtengo wangawo kulibe, ndiye wakhala akugulitsa pang'onopang'ono, ena motsitsa, osandifunsa n'komwe! Msika wathuwu ngwaung'ono, sheya ikhoza kutha masiku osagulidwa, zimenezo ndikuzidziwa. Koma foni imodzi yokha inamukanika? Komishoni yokha sanaiwale kudula. Ndalama zinafika mochedwa, ndisanagule ngakhale bilu imodzi Banki Yaikulu n'kulengeza mu Novembala kuti kwacha yatsika ndi 44 peresenti. Usiku umenewo sindinagone. K1.5 miliyoni yangokhala mu akaunti, mitengo m'sitolo ikukwera ndikuona, masheya ndinagulitsawo n'kupitiriza kukwera. Mayi a kunyumba anangondifunsa kuti, "Munagulitsiranji nkhuku yoikira?" Ndinasowa pogwira. Kunena zoona, ngakhale ndikadagula mabiluwo, nawonso ndi makwacha, akadasungunuka ndithu, koma bulokayo sindinamukhululukire mpaka lero.

Komabe inu gulitsani, musaone za ine. Masheya akafika 75 peresenti, tsiku lomwe adzagwe adzagwa ndi chuma chanu chonse. Kungoti musayambire kugulitsa. Yambani mwasiya kugula masheya ena, ndalama zatsopano ndi madividendi zizipita ku mabilu a masiku 364. Mukatero mpata umachepa popanda komishoni. Zotsalazo ndiye mugulitse, kuyambira kampani yomwe yatupa kuposa zinzake, makamaka ngati mabanki okha akudya theka la masheya anu. Ngati gawo lapyola ndi mapointi osafika 5, monga 63 m'malo mwa 60, lisiyeni, komishoni idzadya phindu lake. Sankhani mwezi umodzi pachaka, womwewo chaka chilichonse. Ndipo buloka mumulembere, osati pafoni: mtengo wotsikitsitsa womwe mungavomere ndi tsiku lomwe oda ithe ntchito. Ine chaka chino anga ali pa 68 ndipo sindinawakhudzebe, dzanja likunjenjemera.