Lole imodzi, phindu la mitundu iwiri: muchotse bwanji kutsika mtengo kwa galimoto m'mabuku?

"Ndinagula lole yonyamulira katundu pa K40 miliyoni. Wondilembera mabuku akuti ndisankhe pakati pa sitireti laini ndi rijusing'i balansi powerengera dipirishiyeshoni, ndipo akuti phindu lisintha malinga ndi chimene ndasankha. Zitheka bwanji poti lole ndi yomweyo, makasitomala ndi omwewo? Chaka chamawa ndikufuna kukapempha ngongole kubanki."

Zikomo bambo polemba. Wolemba mabuku wanuyo akunena zoona, koma mbali imodzi yokha. Phindu la chaka chimodzi lisinthadi, mwinanso kwambiri. Phindu la zaka zonse zimene loleyo idzakugwirireni ntchito silisintha, ndipo ndalama za m'thumba mwanu sizisintha ngakhale ndi tambala. Chimene mukusankha ndi chaka chimene mtengo wa loleyo uziwonekera kwambiri m'mabuku.

Simunatiuze zaka zimene mukufuna kukhala nayo, choncho tiyerekeze kuti ndi zaka 4, ndipo kenako mudzaigulitsa pa K9.6 miliyoni. Ndiye kuti ndalama imene idzathere mu lole ndi K30.4 miliyoni. Imeneyi ndiyo yofunika kuigawa pa zaka 4 zija ngati ndalama yowonongedwa pa bizinesi. Tiyerekezenso kuti chaka chilichonse, mukalipira mafuta, dalaivala, matayala ndi inshuwalansi, mumatsala ndi K15 miliyoni musanachotse kutsika mtengo kwa lole, kumene ndiko dipirishiyeshoni ija.

Njira yoyamba, ya sitireti laini, yochotsa mofanana chaka chilichonse, ilibe zambiri. K30.4 miliyoni kugawa ndi 4 ndi K7.6 miliyoni chaka chilichonse. Phindu lolembedwa likhala K7.4 miliyoni chaka choyamba mpaka chachinayi, osasuntha.

Njira yachiwiri, ya rijusing'i balansi, imachotsa peresenti imodzimodzi chaka ndi chaka, koma pa mtengo umene watsala m'mabuku, osati umene munagulira. Pa 30 peresenti, chaka choyamba muchotsa K12 miliyoni pa K40 miliyoni, kutsala K28 miliyoni. Chaka chachiwiri 30 peresenti ija igwera pa K28 miliyoni, ndipo ndi K8.4 miliyoni, kutsala K19.6 miliyoni. Chaka chachitatu muchotsa K5.88 miliyoni, chachinayi K4.116 miliyoni, ndipo lole itsala pa K9.604 miliyoni, pafupifupi mtengo uja tinayerekeza. Phindu lake tsopano: K3 miliyoni chaka choyamba, K6.6 miliyoni chachiwiri, K9.12 miliyoni chachitatu, K10.884 miliyoni chachinayi.

Taonani chaka choyamba. Lole yomweyo, maulendo omwewo, koma buku lina likuti K7.4 miliyoni, lina K3 miliyoni, osafika ndi theka lomwe. Pofika chaka chachitatu zatembenuka. Munthu wongoona mabuku a njira yachiwiri angaganize kuti bizinesi ikukula mofulumira, pamene palibe kasitomala ngakhale mmodzi amene wawonjezereka. Mukaphatikiza zaka zonse 4, njira zonse zikupereka K29.6 miliyoni, kusiyana kwake K4,000 basi.

Pamene zimaonekera bwino ndi pogulitsa msanga. Tinene kuti mwaigulitsa kumapeto kwa chaka chachiwiri pa K22 miliyoni. Pa njira yofanana, mabuku akuti lole ili pa K24.8 miliyoni, ndiye mulemba kuti mwaluza K2.8 miliyoni pogulitsa. Pa njira yachiwiri mabuku akuti K19.6 miliyoni, ndiye mulemba kuti mwapindula K2.4 miliyoni. Phatikizani ndi phindu la zaka ziwiri zija: K14.8 miliyoni kuchotsa K2.8 miliyoni ndi K12 miliyoni, K9.6 miliyoni kuwonjezera K2.4 miliyoni ndi K12 miliyoni yomweyo. Phindu limene munakweza poyamba limadzabwezedwa tsiku logulitsa.

Nanga 30 peresenti ija yachokera kuti? Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa amangotola nambala yomveka bwino m'khutu. Peresenti yoyenera ndi imene ikafikitse mtengo wa lole pa mtengo wodzagulitsira zaka zikatha. Mu Excel mungaipeze ndi mzere woyambawu. Wachiwiri ukupatsani ndalama yochotsa pa njira yofanana, wachitatu ya chaka choyamba pa njira yachiwiri:

```
=1-(9600000/40000000)^(1/4)
=SLN(40000000,9600000,4)
=DB(40000000,9600000,4,1)
```

Mukadatola 20 peresenti, pakutha pa zaka 4 mabuku akadasonyeza lole ya K16.4 miliyoni imene msika ukuigula pa K9.6 miliyoni, ndipo K6.8 miliyoni ikadakugwerani kamodzin'kamodzi m'chaka chogulitsa. Cholakwa china chofala ndi kuyamba mwachotsa mtengo wodzagulitsira musanawerengere peresenti. Zimenezo zimachitika pa njira yofanana yokha. Mukatero pa njira yachiwiri, chaka choyamba mupeza K9.12 miliyoni m'malo mwa K12 miliyoni, ndipo phindu likwera ndi K2.88 miliyoni yabodza. Kuti muzindikire msanga, gawani ndalama yochotsedwa chaka chino ndi mtengo umene unali m'mabuku kumayambiriro kwa chaka. Ikapanda kutuluka peresenti yomwe ija, penapake palakwika. Ndipo ngati munagula lole chaka cha mabuku chitatsala ndi miyezi itatu, chotsani za miyezi itatu yokha: K1.9 miliyoni pa njira yofanana, K3 miliyoni pa inayo.

Tsopano musankhe iti? Lamulo la kalembedwe ka mabuku la IAS 16 limati njira iyenera kutsatira mmene katunduyo akuthera pokugwirirani ntchito, osati phindu limene mukufuna lioneke. Kwa lole, ife tingapendekere ku njira yochotsa pa chotsala. Galimoto imagwira ntchito yambiri ikadali yatsopano, ndipo ikamakalamba imakhalitsa kugalaja, ndalama za ma sipeya n'kumakwera. Kutsika mtengo kukamachepa pamene zokonzetsa zikukwera, ziwirizi zikaphatikizana mtengo woyendetsera lole umakhala wosasiyana kwambiri chaka ndi chaka. Mashelefu, mipando kapena nyumba yosungira katundu, zimene zimatha pang'onopang'ono mofanana, zimayenera njira yoyamba. Bizinesi imodzi ikhoza kugwiritsa ntchito njira zonse ziwiri pa magulu osiyana a katundu, bola gulu lililonse lizitsata njira imodzi chaka ndi chaka. Kusintha n'kololedwa ngati kagwiritsidwe ntchito ka katunduyo kasinthadi. Kumayambira pamene mwasinthirapo kupita m'tsogolo, ndipo kumayenera kufotokozedwa m'mabuku.

Za kubanki, zoona K7.4 miliyoni ikuoneka bwino kuposa K3 miliyoni. Koma woyesa ngongole wodziwa ntchito yake amafuna kudziwa ndalama zenizeni zobwezera ngongole, choncho amabwezera kutsika mtengo kuja pa phindu. K7.4 miliyoni ndi K7.6 miliyoni zikupanga K15 miliyoni, K3 miliyoni ndi K12 miliyoni zikupanganso K15 miliyoni. Chimene chingawakayikitse ndi kuona kuti mwasintha njira chaka chomwe mwabwera kudzapempha ngongole.

Musayembekezerenso kuti njira yachiwiri ikuchepetserani msonkho. A MRA powerengera msonkho satengera dipirishiyeshoni ya m'mabuku anu. Amaibwezera pa phindu, n'kuchotsa ma alawansi a katundu amene malamulo a msonkho anakhazikitsa. Muuzeni wolemba mabuku wanu akuonetseni mawerengedwe awiriwa pa mapepala osiyana, la mabuku ndi la msonkho, musanasayine chilichonse.