Keke ikamapserera kunja mutasintha uvuni

"Zikomo, ndili ndi funso. Ndakhala ndikuphika keke mu uvuni ya gasi, pa nambala 4, kwa mphindi 45, mu chitini cha masentimita 20. Panopa ndili ndi uvuni yamagetsi ya fani, ndipo nthawi zina ndimaphikira pa makala. Keke ikumapserera kunja, m'kati ili yaiwisi. Ndichotse mphindi zingati?"

Mayi, musayambe mwakhudza mphindizo. Yambani ndi moto. Keke ikada kunja m'kati musanapse, ndiye kuti moto wachuluka, ndipo mukangodula nthawi mutulutsa keke yooneka bwino pamwamba koma yaphala pakati.

Nambala 4 pa gasi ndi madigiri 180. Mu uvuni ya fani, madigiri 180 omwewo amaphika mwaukali, chifukwa faniyo imauluza mpweya wotentha n'kumaumenyetsa pa chitini mosalekeza. Komanso gasi akamayaka amatulutsa kachinyezi, pamene mpweya wa uvuni yamagetsi ndi wouma, ndiye pamwamba pa keke pamalimba msanga. Pakalimba m'kati mukadafufuma, keke imatumphuka pakati ngati chulu n'kung'aluka. Mukaona zimenezo, resipi ilibe mlandu.

Tsitsani moto ndi madigiri 20. Keke yanuyo ikani pa 160. Zomwe munkaphika pa nambala 5, omwe ndi madigiri 190, ikani pa 170, ndipo za pa nambala 6 zipite pa 180. Mukatero nthawi sisintha kwambiri, koma yambani kuyang'ana pa mphindi 35 kapena 38. Bayani kamtengo koonda pakati penipeni. Kakatuluka ndi phala, tsekani mudikire mphindi 5. Kakatuluka ndi tinyenyeswa touma, ndipo m'mbali mwa keke mwayamba kulekana ndi chitini, yapsa. Ena amasiya moto pa 180 n'kungochotsa mphindi pafupifupi 10 pa ola lililonse. Pa mabisiketi ndi zina zopyapyala zimatheka, koma pa keke yokhuthala ine sindingakulangizeni, chifukwa kutentha kumafuna nthawi kuti kulowe mpaka pakati.

Pa makala ndi pomwe pali nkhani. Gasi ndi magetsi zimasunga kutentha pamodzimodzi mpaka mutazimitsa, koma makala amayamba mwaukali kenako n'kumazilala pang'onopang'ono. Choncho mphindi 45 za m'resipi zisakumangeni. Keke yomweyo itha kupsa pa mphindi 40 lero, mawa n'kufuna ola lathunthu, malinga ndi makala ake ndi mphepo ya tsikulo.

Musalowetse chitini makala akadali akuda kapena akulilima. Dikirani mpaka atavala phulusa loyera pamwamba, utsi utatha. Ngati mungapeze themomita ya mu uvuni, igulenitu, iikeni pomwe pakhale chitini, ndipo mulowetse keke ikamawerenga pakati pa 170 ndi 180. Ngati mulibe, wazani ufa wa tirigu pang'ono pa kachitsulo, muike m'katimo kwa mphindi 5. Ukatuluka wofiirira pang'ono, moto uli bwino. Ukada kapena kununkha kupserera, chotsaniko makala mudikire. Ukatuluka woyera monga unalowera, wonjezerani.

Vuto lalikulu la makala ndi moto wa pansi. Chitini chisakhudze chitsulo chomwe chili pamwamba pa makala. Chikwezeni pa kawaya, kapena yalani mchenga wouma wokhuthala masentimita awiri kapena atatu pansi pake kuti ugawe kutentha. Ngati uvuni yanu imalola makala pansi ndi pamwamba, magawo awiri mwa atatu apite pamwamba, limodzi pansi. Anthu ambiri amachita mosemphanitsa, n'chifukwa chake keke imatuluka yakuda kunsi, kumwamba ili yotuwa.

Mphindi 25 kapena 30 zoyambirira musatsegule, ngakhale mtima ukukupwetekani. Keke imakhala isanagwire, ndipo mphepo yozizira ikalowa imaphwa pakati osadzukanso. Zikadutsa mphindizo, tsegulani mwachangu, tembenuzani chitini kuti mbali yomwe inali kutali ndi moto iyandikire, muone mtundu wake. Pamwamba pakakhala pakuda kale, chotsani makala apamwamba kapena vundikirani ndi pepala la aluminiyamu. Pakakhala potuwa ndipo keke ikugwedera mukaisuntha, moto wazilala. Apa wonjezerani makala oyaka kale, omwe mwakolezera pambali. Makala osayaka amatsitsa kutentha asanagwire moto, ndipo utsi wawo umalowa m'keke.

Pa makala, kamtengo kaja yambani kubaya pa mphindi 40, kenako mphindi 5 zilizonse. Lembani m'mphepete mwa resipi mphindi zomwe yapsera ndi kuchuluka kwa makala omwe munaika. Ulendo wotsatira muyeze makala ndi muyeso womwewo, ndipo mudzasinthe chinthu chimodzi chokha, moto kapena nthawi, kuti mudziwe chomwe chathandiza.