Mbuu kapena chigamba: kubisa nambala ya galimoto ndi nkhope pa chithunzi

Funso: "Ndikugulitsa galimoto yanga ndipo ndikufuna kuika zithunzi zake pa gulu lino. Nambala puleti ndaichititsa mbuu ndi foni, nkhope ya mwana wa aneba amene waoneka kumbuyo ndaichitanso chimodzimodzi, koma mnzanga akuti anthu odziwa akhoza kuzibwezeretsa. Kodi ndi zoona, nanga ndichite bwanji?"

Achimwene, mnzanuyo sakunama, makamaka pa nkhani ya nambala, ndipo malangizo anga ndi akuti musaike chithunzicho mmene chilili. Bwererani ku chithunzi choyambirira, muphimbe nambalayo ndi chigamba chamtundu umodzi chosaonekera mkati, kenako muone malo ena pamene nambala yomweyo yalembedwa.

Chithunzi cha pa foni chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri, ndipo kadontho kalikonse kali ndi mtundu wake. Pulogalamu ikamachititsa mbuu malo ena, sifafaniza timadonthoti, koma imasakaniza mtundu wa kadontho kalikonse ndi mitundu ya timadontho toyandikana nako. Ikamapanga timabokosi, imatenga timadontho ta m'kabokosi kamodzi n'kutipatsa mtundu umodzi wapakatikati. Njira ziwiri zonsezi zimachokera pa zimene zinalipo kale, choncho pamene panali inki yakuda yambiri pamakhalabe pakuda, ndipo pamene panali poyera pamakhalabe poyera. Nambala 1 imasiya chizindikiro chopyapyala, pamene 8 imasiya chizindikiro chodzaza, ndipo kusiyana kumeneku sikutha ngakhale maso anu alephere kukuona. Chigamba chakuda n'chosiyana kwambiri, chifukwa mtundu wake suchokera pa zimene zinali pansi pake. Kaya pansipo panali 1 kapena 8, chigambacho chimaoneka chimodzimodzi.

Anthu ambiri amaganiza kuti wofuna kuwerenga nambala yambuu ayenera kuchotsa mbuuwo, koma pali njira ina yosavuta kuposa imeneyo. Munthuyo amalemba nambala yongoganizira ndi zilembo zofanana ndi za pa puleti, amaichititsa mbuu mofanana ndi mmene munachitira inu, kenako amayerekezera zotsatira zake ndi chithunzi chanu. Zikapanda kufanana amayesa nambala ina, ndipo kompyuta sitopa ndi ntchito yotereyi. Tiwerengere pa puleti ya zilembo ziwiri ndi manambala anayi, monga mapuleti ambiri a kwathu kuno. Zilembo ziwiri zikhoza kusanjidwa m'njira 676, manambala anayi m'njira 10,000, ndipo zonse pamodzi sizipitirira 6,760,000. Ngati zilembo zoyambazo zikuonekako pang'ono kuti ndi BT kapena LL, pamatsala njira 10,000 zokha, ndipo sipafunikanso kuziyesa zonse, popeza nambala iliyonse ili ndi malo ake pa puleti ndipo ikhoza kuyesedwa payokha pa manambala khumi. Zimenezi si nthano: mu 2022 Dan Petro wa kampani ya Bishop Fox anatulutsa pulogalamu yotchedwa Unredacter yowerenga mawu obisidwa ndi timabokosi mwa njira yomweyi yoyesa ndi kuyerekezera. Mapuleti ndiye osavuta kwenikweni, chifukwa zilembo zake zimakhala za kalembedwe kamodzi ndiponso zakuda pamalo owala, popeza anazipanga n'cholinga choti zioneke patali.

Pewaninso kwambiri njira yopotokola chithunzi kuti nkhope ikhale ngati kamvulumvulu. Mu 2007 apolisi a ku Germany anabwezeretsa nkhope ya munthu amene ankadzibisa mwa njira imeneyi pa zithunzi zochitira ana nkhanza, bungwe la Interpol linafalitsa nkhopeyo padziko lonse, ndipo mwamunayo, Christopher Paul Neil wa ku Canada, anamangidwa ku Thailand chaka chomwecho. Pamenepo kufooka kwa njirayi kunathandiza chilungamo, koma kukusonyeza kuti kupotokola kuli ngati kufinya chitenje chochapa: maluwa ake onse amakhala momwemo, ndipo mukachitambasula amaonekanso.

Nkhope ya mwanayo ili ndi vuto lake lapadera, ndipo pano sipafunika katswiri aliyense. Mlendo sangamuzindikire mwana wambuu, koma anthu a m'dera lanu sayamba kumufufuza pakati pa ana onse a m'dziko. Amangosankha pakati pa ana ochepa amene amasewera pakhomo panu. Tiyerekeze kuti nkhopeyo ndi ya timadontho 200 m'lifupi ndi 240 m'litali, ndipo pulogalamu yaika timabokosi ta timadontho 10 mbali iliyonse. Pamenepo nkhopeyo yatsala ndi timabokosi 20 m'lifupi ndi 24 m'litali, tonse pamodzi 480, ndipo timeneti n'tokwanira kuonetsa pamene pali maso, mphuno, pakamwa ndi pamene tsitsi likuyambira. Mukhoza kudziyesera nokha: chepetsani chithunzicho kuti chikhale chaching'ono ngati mmene chimaonekera pa mndandanda wa zithunzi za mu foni, kapena imikani foni patebulo n'kuiyang'ana muli chakutali mutatsinzinako pang'ono. Nthawi zambiri nkhope imabwerera, chifukwa kuchepetsa chithunzi kumabisa m'mphepete mwa timabokosi, ndipo ubongo umalumikiza zotsalazo. Kuti timabokosi tigwire ntchito, tiyenera kukhala tikulutikulu mwakuti nkhope yonse itsale ndi tinayi kapena tisanu m'lifupi, ndipo zikafika pamenepo palibenso chifukwa chosaikira chigamba.

Ngakhale chigamba chili ndi malire ake. Mwana amadziwika ndi yunifolomu ya sukulu, kametedwe, makutu, msinkhu, kaimidwe ndi geti la nyumba imene waima pafupi nayo. Ngati mwanayo ali cham'mbali mwa chithunzi, mudule mbali imeneyo yonse, ndipo ngati ali pakati, jambulaninso galimotoyo pamalo opanda anthu. Ogula akufuna kuona galimoto, ndipo inu simutaya kanthu mwanayo akachoka pa chithunzi.

Tsopano kaikidwe ka chigamba. Tsegulani chithunzi choyambirira, osati chija mwachichititsa kale mbuu, m'pulogalamu yokonzera zithunzi ya mu foni yanu. Sankhani bokosi lodzaza mtundu kapena cholembera chokhuthala, ndipo ngati pali posinthira Opacity muike pa 100%. Chenjerani ndi cholembera chounikira mawu, monga chimene chili mu Markup pa iPhone, chifukwa inki yake inapangidwa kuti ioonekere mkati. Ngakhale musankhe mtundu wakuda n'kupaka kangapo, munthu akakweza kuwala kwa chithunzi zilembo zapansi zikhoza kutulukira. Chigambacho chipitirire m'mphepete mwa puleti mbali zonse, chifukwa mitu ndi miyendo ya manambala ikatsala panja imathandiza woganizira. Kamzere kopingasa pamwamba kakhoza kukhala 5 kapena 7, koma osati 4. Pa nkhope, phimbani kuyambira pamwamba pa tsitsi mpaka pansi pa chibwano, pamodzi ndi makutu. Kamzere kakuda kodutsa m'maso kokha, kamene timakaona m'nyuzipepala zina, sikabisa munthu kwa amene amamudziwa.

Mukasunga, yesani ntchito yanu musanaitumize. Tsegulani chithunzi chatsopanocho, kwezani Brightness ndi Contrast mpaka kumapeto, kenako kulitsani pamene pali chigamba. Pakangooneka kamthunzi ka chilembo, ndiye kuti inkiyo inali yoonekera mkati, ndipo muyenera kuyambiranso.

Pali chinthu china chimene sichioneka ndi maso, ndicho zimene fayilo imanyamula mkati mwake. Mafoni ambiri amasunga chithunzi choyambirira kuti muthe kubwerera mukasintha maganizo, n'chifukwa chake mumaona mawu monga Revert, ndipo mafayilo ena amakhala ndi kachithunzi kakang'ono ka mkati kamene pulogalamu ina siikasintha pamene mwasintha chachikulu. Mu 2023 zinadziwika kuti pulogalamu ya Markup ya pa mafoni a Google Pixel inkasiya zotsalira za sikirinishoti yoyambirira kumapeto kwa fayilo, mwakuti mbali zimene munthu anadula kapena kuphimba zinkatheka kubwezeretsedwa. Vutolo linatchedwa aCropalypse ndipo linakonzedwa, koma mafayilo amene anali atatumizidwa kale anakhalabe choncho. Fayilo imathanso kunyamula tsiku, mtundu wa foni ndi malo enieni pamene munajambulira, ngati kamera inaloledwa kulemba malo. Njira yosavuta yothana ndi zonsezi ndi kutsegula chithunzi chophimbidwacho kuti chidzaze sikirini, kujambula sikirinishoti, n'kutumiza sikirinishotiyo osaisinthanso. Kuoneka bwino kwa chithunzi kumatsikako pang'ono, koma ogula galimoto adzaonabe zimene akufuna kuona. Pa WhatsApp tumizani ngati chithunzi wamba, osati ngati Document, chifukwa Document imapita ndi zonse zimene zili mu fayilo.

Amene ali ndi kompyuta yokhala ndi pulogalamu yokonzera zithunzi ya ImageMagick akhoza kuchita zonsezi ndi lamulo limodzi:

```
magick galimoto.jpg -auto-orient -fill black -draw "rectangle 820,1410 1180,1520" -strip yoika.jpg
```

Manambala anayiwo ndi chitsanzo chabe cha ngodya yakumtunda kumanzere ndi ngodya yakumunsi kumanja ya chigamba, ndipo muyenera kuikapo ogwirizana ndi chithunzi chanu. Mawu akuti `-strip` ndi amene amachotsa zolembedwa za mkati mwa fayilo.

Pamene ogulitsa ambiri amagwera si pa puleti yakutsogolo, koma pa malo ena amene amaiwala. Mapepala omata pa galasi lakutsogolo, a inshulansi ndi a COF, amakhala ndi nambala ya galimoto, ndipo kamera ya foni yamakono imawajambula mowerengeka ngakhale inu muime patali. Kulitsani chithunzi pa ngodya imeneyo muone nokha. Eni galimoto ena amadinditsanso nambala pa magalasi a m'mbali ndi pa magetsi pofuna kuletsa akuba, ndipo zilembo zimenezi zimaonekera bwino dzuwa likaomba cham'mbali. Puleti imathanso kuonekera pa chitseko chonyezimira cha galimoto ina yoima pafupi kapena pa zenera la nyumba. Popeza muika zithunzi zingapo, chakutsogolo, chakumbuyo, cham'mbali ndi cha mkati, chionetsetseni chilichonse pachokhapachokha, chifukwa chimodzi chikaonetsa zilembo ziwiri zoyamba ndipo china chikaonetsa manambala awiri omaliza, woganizira amatsala ndi njira 100 zokha.

Ngati mwaika kale chithunzi chambuucho penapake, chichotseni n'kuika chatsopano, podziwa kuti amene anachisunga kale m'foni mwawo ali nachobe. Wogula weniweni akafuna nambala kuti afufuze mbiri ya galimotoyo, mukhoza kumupatsa payekha mutalankhulana naye, kapena adzaione tsiku lodzaona galimoto.