Kuwerenga tebulo la Regression mu Excel

"Ndimaperekera katundu kuno ku Joni. Ndalemba makilomita ndi ndalama za petulo masiku 30. Regression yatulutsa R Square 0.81, Intercept 40, makilomita 1.9. Zikutanthauzanji?"

Achimwene, yambani mwaona ngati petulo munamuika mu Input Y Range ndipo makilomita mu Input X Range. Mukatembenuza, R Square sasintha, choncho simungazindikire msanga. Observations ikhale 30; ikakhala 29, mwina munachonga Labels popanda mitu ndipo tsiku loyamba latayika.

R Square 0.81 akunena kuti pa kusiyana kwa ndalama za petulo tsiku ndi tsiku, magawo 81 pa 100 akutsatira makilomita. Otsalawo ndi zina, monga kuchedwa pa M1 m'mawa.

Phindu lenileni lili pa Coefficients, pomwe pali 40 ndi 1.9 zija. Intercept 40 ndi ndalama yoyambira musanawonjezere za makilomita. Kilomita iliyonse yowonjezera ikudya R1.90, ndiye tsiku la makilomita 100 ndi 40 + 1.9 × 100 = R230. Koma onani P-value pa mzere wa makilomitawo: ikhale pansi pa 0.05, kusonyeza kuti kugwirizana kwa makilomita ndi petulo sikwamwayi chabe. Mukaona ngati 1.3E-11 musadandaule, ndi kanambala kakang'ono zedi.

Musawerengere ulendo wa ku Durban ndi manambalawa ngati masiku anu onse anali a m'tauni.