Ntchito yoti muyambe mwalipira: alangizi akuyankha

"Alangizi, mwana wanga walandira uthenga pa WhatsApp woti bungwe lina likufuna achinyamata olemba mayina a alimi olandira mbewu. Akuti atumize ndalama ya fomu lero lomwe, komanso nambala ya akaunti ndi PIN kuti malipiro asadzavute. Ndigulitse mbuzi?"

Bambo, mbuziyo isatuluke m'khola. Wolemba ntchito weniweni amalipira wantchito, salipiritsa wofuna ntchito. Ngakhale Pangano nambala 181 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la mu 1997, linaika mfundo yakuti makampani opezera anthu ntchito asamatenge ndalama kwa ofuna ntchitowo.

Akambelembelewa amayamba ndi ndalama yochepa kuti musakayike. Mukatumiza ya fomu, mawa akuti mwana wasankhidwa, koma pakufunika ya kuchipatala. Kenako ya yunifolomu, kenako ya maphunziro. Munthu amapitirizabe kulipira chifukwa chomvera chisoni ndalama yoyamba ija, mpaka tsiku limene nambala yawo yasiya kupezeka.

Nkhani ya PIN ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri. Kuti munthu akuikireni malipiro, amangofunika dzina lanu, dzina la banki ndi nambala ya akaunti, ndipo izi zimaperekedwa mukasainirana kalata ya ntchito. PIN ndi yotulutsira ndalama, si yolowetsera. N'chimodzimodzi ndi timanambala tija timabwera pa meseji, nthawi zambiri tinayi kapena tisanu ndi kamodzi. Wina akaimba n'kunena kuti "tiwerengereni manambala amene alowa pafoni panuwo kuti tikulembetseni", dziwani kuti pa nthawi yomweyo akuyesa kulowa mu akaunti yanu, ndipo akungosowa manambalawo. Dulani foni.

Uthenga wa mwana wanuwo muuyese chonchi. Onani imelo yawo: bungwe lalikulu limakhala ndi imelo yothera ndi dzina lake, osati @gmail.com. Onaninso kumene akuti ndalama ipite. Mukalemba nambalayo potumiza ndalama pafoni, nthawi zambiri dzina la mwini wake limaoneka musanatsimikize, ndipo likatuluka dzina la munthu m'malo mwa bungwe, bwererani pomwepo. Kenaka funsani ku bungwe lenilenilo, koma nambala yake muipeze nokha, pachikwangwani cha ofesi yawo kapena kwa alangizi a m'dera lanu. Ya pa uthengayo adzayankha ndi akuba omwewo. Chidindo ndi chizindikiro cha bungwe pachikalata zisakukopeni, zimenezo aliyense angathe kuzikopera. Mawu akuti "lero lomwe" cholinga chake n'chakuti musapeze mpata wofunsa.

Ngati mwanayo wapereka kale PIN, aisinthe tsopano lino, aimbire banki kapena kampani ya foni kuti atseke akauntiyo, kenako akanene kupolisi. Mauthenga onse asawafufute, makamaka meseji yotsimikizira ndalama imene anatumiza, chifukwa nambala ya pamesejipo ndi imene amalondolera kumene ndalama inapita.