Uthenga wotsatsa loji ya ku Senga Bay kwa anthu a ku Lilongwe

"Abale ndithandizeni. Ndili ndi kaloji ka zipinda zisanu ku Senga Bay, mphepete mwa nyanja penipeni. Ndimaposita kuti bwerani mudzasangalale ku paradaiso, anthu amangolayika koma foni siyilira. Ndilembe bwanji kuti a ku Lilongwe azibwera pa wikendi?"

Achemwali, amene mukumufunayo ndi munthu wa ku Area 25 kapena ku 49 amene wakhala pa mpando Lachinayi usiku foni ili m'manja, malipiro angolowa kumene, akukambirana ndi akunyumba kwake ngati apite kunyanja kapena ayi. Nyanja akuidziwa kale, anapitako ali mwana pa ulendo wa sukulu, ndiye kumuuza kuti ndi yokongola simunamuuze kanthu. Mutu wake uli pa masamu, kuti zonse pamodzi zindidyera zingati, galimoto yanga ikafika, ana akagona pati, magetsi akazima kutentha kwa ku Salima kuja titani. Uthenga umene wayankha zimenezi ndi umene amauimbira foni, enawo amangodina layiki n'kupitirira.

Mtengo ulembeni poyera. Zija zoti "mtengo ku inibokosi" zimakuthamangitsirani makasitomala, chifukwa munthu amaganiza kuti mukuyamba mwaona kaye nkhope yake ndi galimoto yake musanatchule ndalama, komanso ambiri amachita manyazi kufunsa kenako n'kupeza kuti sangakwanitse. Ndipo musangoti chipinda ndi ndalama zakuti, nenani ngati ndi za munthu mmodzi kapena awiri, ngati kadzutsa ali momwemo, mwana wogona pa matilesi owonjezera amalipira zingati. Koposa apo muwerengereni wikendi yonse, Lachisanu ndi Loweruka, mupereke nambala imodzi, chifukwa mu mtima mwake sakugula usiku, akugula wikendi.

Kenako msewu. Kuchokera ku Lilongwe kudzera M14 mpaka pa Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kuwonjezera ena pafupifupi 20 kukafika ku Senga Bay, maola awiri ngati munthu sakuthamanga. Mwayi wanu waukulu ndi umenewu kuposa a ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, munthu atha kuweruka Lachisanu madzulo n'kukadya nsima ya usiku kunyanja, ndiye zilembedwe pamwamba penipeni. Koma chimene ambiri amabisa ndi kachigawo komaliza kaja, kuchoka pa tala kufika pa geti. Ngati pali mchenga nenani kuti pali mchenga wa mamita angati, ndipo ngati ka Mira kapena Passo kamadutsa bwinobwino nenaninso, chifukwa alendo anu ambiri amayendera timagalimoto totere, si a ma Prado ayi. Munthu amene watitimira mu mchenga usiku ana akulira kumbuyo sadzabweranso, ndipo Lolemba ofesi yonse imva. Oyenda pa minibasi auzeni potsikira ndi chizindikiro choti auze wa kabaza.

Tiyerekeze kuti chipinda chanu ndi K70,000 usiku umodzi (muikepo mtengo wanu weniweni), ine ndingalembe chonchi:

"Weruka Lachisanu, ukagone kunyanja. Tili ku Senga Bay, maola awiri kuchokera ku Lilongwe, tala mpaka pafupi ndi geti, kotsalako ndi mchenga pang'ono koma galimoto yaying'ono imadutsa. Masiku awiri, anthu awiri, kadzutsa ali momwemo: K140,000. Chipinda chili ndi bafa lake, neti ndi fani, ndipo magetsi akazima sola imayatsa nyale ndi fani mpaka kucha. Kuchoka pa khonde kufika m'madzi ndi mapazi ochepa chabe. Nsomba timagula kwa asodzi m'mawa womwewo, mutiuze Lachinayi ngati mukufuna chambo kapena kampango. Muli ndi nyama yanu, malo owotchera alipo ndi makala omwe. Zipinda ndi zisanu zokha, dipoziti ya theka pa Airtel Money kapena Mpamba ndiye kuti chipinda ndi chanu."

Mukaona mulibe mawu akuti paradaiso kapena malo apamwamba, koma mzere uliwonse munthu atha kudzautsimikiza ndi maso akafika. Apa ndiye muchenjere, mzere umene suli woona kwa inu muuchotse. Ngati sola yanu imangokwanitsa nyale osati fani, lembani nyale basi. Mu Okutobala kunyanja kumatentha moti fani ikaima pakati pa usiku mlendo sagonanso, ndipo ngati munalonjeza ndiye kuti m'mawa mukangana pa nkhani yobweza ndalama. Chimodzimodzi chambo, musalembe kuti chilipo tsiku lililonse chifukwa masiku ano chimasowa ndipo chakwera mtengo, n'chifukwa chake ndaika zoti anene Lachinayi.

China chimene chimandipweteka ndikachiona, anthu a ku Senga Bay kutsatsa kuti mudzaone dzuwa likulowa m'nyanja, mwina atakopera kwa a ku Cape Maclear. Gombe lanu layang'ana kum'mawa, dzuwa kwanuko limatuluka m'madzi, kulowa limalowera kumtunda. Gulitsani m'bandakucha umenewo. Dzukani isanakwane sikisi koloko, muime pa khonde la chipinda chimene mlendo adzagonemo, mujambule ngalawa zikubwera kuchokera ku usipa, Lizard Island ikuonekera patali ngati imaoneka kuchokera kwanuko. Kenako bedi loyala ndi neti yake, bafa (inde bafa, amayi ambiri ndi limene amayamba kufunsa), ndi mbale ya nsomba monga mumaiperekera. Zithunzi zinayi kapena zisanu zakwana, anthu amasunga bandulo. Zotenga pa intaneti ayi ndithu, amazizindikira.

Uthengawo usamakhale umodzimodzi chaka chonse. Nthawi ya mwera, cha mu Juni mpaka Ogasiti, nyanja imawinduka, mafunde amakula ndipo madzulo kumazizira, ndiye kulonjeza madzi abata oti ana azisambira tsiku lonse ndi kudziputira mlandu. Miyezi imeneyo tsatsani mpumulo, moto wa madzulo, mtengo wotsikirako, ndi magulu monga a kwaya kapena a banki m'khonde amene atha kutenga zipinda zonse zisanu. Kuyambira Seputembala nyanja ikadekha ndi pamene mumakankha za kusambira ndi bwato. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, Lilongwe yonse imakhamukira ku Salima, pamenepo simufunikanso kukuwa, ingolengezani kudakali milungu itatu, dipoziti ikhale yokhwima, ndipo munene ngati kwanuko kumakhala phokoso la zoimbira kapena ndi kwa bata, chifukwa wobwera ndi mayi ake okalamba ndi wobwera ndi kulaboksi ya mowa safuna malo amodzi.

Positani Lachitatu kapena Lachinayi madzulo, makamaka sabata ya malipiro, Loweruka m'mawa anthu amakhala atapanga kale mapulani. Ikani pa sitetasi ya WhatsApp ndi pa Facebook, nambala imodzi yokha imene ili ndi munthu woyankha msanga, ndipo munene dzina limene lidzatuluke potumiza dipoziti chifukwa anthu anaberedwapo ndi maloji abodza ndipo amaopa. Aliyense woimba muzimufunsa kuti wauona kuti uthengawo ndipo muzilemba m'kope mafunso amene akufunsa. Anthu atatu akafunsa chinthu chimodzi, kaya ndi zoti ana amaloledwa, kaya nthawi yotulukira Lamulungu, ndiye kuti mzere umenewo ukusowa, muuwonjezere musanapositenso sabata yamawa.